Zithunzi za katundu wa pa benchi: kumbuyo koyera mu Canva

Naphiri: Mwaswera bwanji abale pa gulu pano. Ndili ndi funso kwa amene mumadziwa Canva, pulogalamu ija yokonzera zithunzi. Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika ku Lizulu ku Lilongwe kuno, nde ndimafuna zithunzi zanga zizioneka ngati za m'mashopu aja, kumbuyo koyera mbee nsapato yokha pakati, osati izi ndikuika pa sitetasi zooneka miyendo ya anthu odutsa ndi majumbo pansi. Mphwanga anandiikira Canva Pro, yolipira ija, pa foni, ndadina BG Remover ija yochotsa kumbuyo kwa chithunzi koma nsapato zoyera zikutuluka zodyeka m'mbali, zingwe zina zasowa, soli yake ngati wina waluma. Zakuda zikutuluka bwinobwino. Ndikulakwitsa pati kodi?

Che Jafali: Asisi ikani fulashi pojambula basi, nkhani yatha. Vuto ndi kuwala kuchepa

Mayi a Tadala: Ndikutsatira nawo, ine anga ndi mabotolo a uchi ndi chiponde, mavuto omwewa

Kondwa Zojambula: Amayi Naphiri, tisanapite patali ndiuzeni kaye, nsapato zoyerazo munaziika pa chani pojambula? Ndipo munajambulira pati, pa benchi pomwepo kapena kunyumba?

Naphiri: Ndinayala nsalu yoyera ya pabedi pa benchi pomwepo achimwene, ndimati poti ndikufuna koyera ndiyambire pa choyera

Kondwa Zojambula: Ehe, nkhani ili pamenepo. BG Remover siidziwa kuti nsapato yanu ithera pati ngati nsapatoyo ndi nsalu zili mtundu umodzi. Imayang'ana malire, apa pathera katundu apa payambira kumbuyo, nde nsapato yoyera pa nsalu yoyera malirewo kulibe, imangolota, nchifukwa chake zakuda zikutuluka bwino pamene zoyera zikudyeka. Zingwe ndiye zimavuta kwambiri poti nzowonda komanso mwina munazisiya zili lendee pa nsalupo.

Nde pali njira ziwiri ndipo musazisakanize. Ngati mukufuna kudzadula ndi BG Remover, katundu woyera mujambulireni pa chinthu chosiyana naye mtundu, chopanda maluwa, chosanyezimira. Chotuwa ngati phulusa ndiye chabwino kwambiri, ngakhale simenti yosalala yosesa bwino imagwira. Ngati mulibe Pro ndipo simudula, apo mpamene mumajambulira pa pepala loyera n'kuliyeretsa ndi Adjust. Inu mwatenga chiyambi cha njira yachiwiri n'kumalizira ndi yoyamba.

Che Jafali: Koma fulashi imathandizabe bwana, ine mafoni ndi machaja ndimajambula nayo daily

Kondwa Zojambula: Che Jafali mukunena zoona kuti kuwala kukachepa chithunzi chimatuluka chamchengamchenga ndipo kudula kumavuta, pamenepo tili limodzi. Koma fulashi ya foni imamenya kutsogolo kokha, pa nsapato yoyera imapsereza mphuno yake mpaka ulusi wosokera osaonekanso, kenako kuseri kumabwera chithunzithunzi chakuda bii chomamatira ku soli, BG Remover nthawi zina imachitenga ngati mbali ya nsapato. Pa sikirini ya foni yomwe mukugulitsa ndikhulupirira mumaona kadontho koyera pakati paja. Kuwala kwabwino ndi kwa dzuwa koma pa mthunzi, pakhonde kapena pafupi ndi khomo lotsegula, kuwala kuzibwera cha m'mbali.

Che Jafali: Kadontho kaja kamakhalapodi kkkk koma makasitomala anga sanadandaulepo

Nachisale: Pepani ndalowa mochedwa, ndiye kuti Canva yomweyi ndingapangire chithunzi cha pasipoti cha mwana wanga kumbuyo koyera? Ndili nacho cha pa ukwati chooneka bwino

Mayi a Tadala: Anachisale apa tikukamba za katundu wogulitsa kkkk, za pasipoti kafunseni ku ofesi yake zomwe amafuna, musakawabweretsere mwana wodulidwa makutu

Nachisale: Ooh chabwino ndamva, pitirizani

Naphiri: Achimwene Kondwa, chotuwa ndilibe koma ndili ndi chitenje chofiira cha pleni, chingagwire? Komanso china ndaona, nsapato zoyerazo zikuoneka ngati za buluu pang'ono pamene m'manja nzoyera

Kondwa Zojambula: Chofiira ayi amayi. Chinthu choyera chimatenga mtundu wa chomwe chili pafupi, mukaika nsapato yoyera pa chitenje chofiira pansi pa soli ndi m'mbali mudzakhala kufiirira, ndipo mukadula n'kuika pa koyera kufiirako kumaonekera poyera, simungakufufute popanda kudya nsapato. Nchifukwa chake ndikuti chotuwa, sichipaka mtundu. Mkati mwa katoni wamba mumagwiranso ngati palibiretu china, ngakhale mumapereka kachikasu pang'ono.

Za buluuzo, benchi lanu linafoleredwa ndi chani? Ngati ndi pulasitiki kapena lona ya buluu, kuwala konse kofika pa katundu kwadutsa mmenemo. Maso athu amazolowera osaona koma kamera imajambula momwe zilili. Tulukani pansi pa lonayo, pezani mthunzi wa khoma.

Naphiri: Ndi lona ya buluudi eee, mwaona bwanji

Kondwa Zojambula: Misika yathu ndi imodzimodzi kkkk. Tiyeni ndikuuzeni momwe ndingapangire peya imodzi ya nsapato zoyerazo kuyambira pachiyambi.

Yambani ndi nsapatoyo. Itsukeni iume, ikani mapepala kapena majumbo mkati kuti iime ngati muli phazi, zingwe muzimange n'kulowetsa nsonga zake mkati, pasakhale chingwe chogona pansi kapena chopanga kabowo kooneka kuseri. Timabowo totere ndi tomwe timasunga kumbuyo kwakale mukadula. Pukutani diso la kamera ndi nsalu youma, foni yokhala m'chikwama cha ndalama tsiku lonse diso lake limakhala ndi mafuta ndipo chithunzi chimachita chifunga. Ikani nsapato pa chotuwa chija, pataliko ndi khoma ngati dzanja limodzi. Inu bwererani m'mbuyo pafupifupi mita, tsitsani foni ifike cha pa msinkhu wa nsapato kapena pamwamba pang'ono, musajambule mutaimirira. Mukayandikitsa kwambiri foni mphuno ya nsapato imatupa chidendene n'kuchepa. Dinani pa nsapatoyo pa sikirini kuti kamera igwire pomwepo. Mbali yomwe kuli mdima imikani pepala loyera kapena katoni yomata pepala, libweze kuwala. Nsapato yonse ilowe m'chithunzi ndi malo otsala mbali zonse.

Tsopano mu Canva. Pangani Custom size ya 1080 x 1080 px. Dinani tsamba lopanda kanthulo, pa mtundu lembani izi kuti mutsimikize kuti ndi koyera kwenikweni:

```
#FFFFFF
```

Kwezani chithunzi pa Uploads kuchokera mu galare ya foni yomwe yajambula, osati chomwe mwatumiziridwa pa WhatsApp poti chimenecho chafinyidwa kale ndipo m'mbali mwake mumakhala timabokosi. Chiikeni pa tsamba, dinani Edit kenako BG Remover. Ikamaliza musathamangire kusunga ayi. Sinthani kaye tsamba likhale lakuda kapena lofiira kwa kanthawi, kulitsani ndi zala ziwiri n'kuyenda m'mbali monse mwa nsapato. Pa tsamba loyera simungaone pomwe nsapato yoyera yadyeka, pa lakuda zimaonekera zonse, ndi zinyenyeswa zotsala zomwe. Dinaninso BG Remover mupeza Erase ndi Restore. Restore imabwezeretsa pomwe padyeka, Erase imachotsa zotsala. Chepetsani Brush size ikhale yaying'ono, ndi chala pa foni burashi yayikulu imawononga. Mukakhutira bwezerani tsamba ku loyera.

Mayi a Tadala: Iyi yosintha tsamba kukhala lakuda ndaikonda, ine ndimadzazindikira kasitomala atandifunsa kale kuti chivindikiro chasweka kodi

Naphiri: Dikirani ndiyese, pali simenti kuseri kwa shopu ya jirani

Bambo Mbewe wa Mipando: Ine zonsezi sindivutika nazo, ndimangokweza Brightness mpaka 100 kumbuyo kumayera kokha. Pro yo nja anthu andalama

Kondwa Zojambula: Bambo Mbewe, Brightness imakweza chithunzi chonse, katundu ndi kumbuyo limodzi. Mpando wanu wa mtengo wofiirira ukatuluka ngati wa paini, kasitomala akabwera akuti si umenewu. Koma mfundo yanu yoti popanda Pro zimatheka njoona, kungoti ntchito yambiri imachitika pojambula. Gulani pepala lalikulu loyera, la manila kapena la filipi tchati, matani mbali imodzi ku khoma ndi tepi, inayo igone pa tebulo, pakati lipinde lokha mosakhota ngodya, kuti kuseri kwa katundu kusakhale mzere. Mukajambula muona pepala loyeralo latuluka lotuwa. Si foni yanu yoipa, kamera ikaona koyera kwambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira nde imadzichepetsa yokha. Dinani pa katundu, mafoni ambiri amatulutsa kadzuwa pambali, kakwezeni pang'ono mpaka pepala liyere koma katundu asapse. Mu Canva pitani pa Edit, Adjust, kwezani Whites ndi Highlights osati Brightness, zimenezi zimagwira mbali zowala kale n'kusiya zakuda. Kuti mudziwe ngati zatheka, chepetsani chithunzi pa tsamba la #FFFFFF, mukaona bokosi lotuwa lozungulira katundu ndiye kuti pepala silinayere mokwanira. Likakanika kuyera musalimbane nalo, kulitsani chithunzi chidzaze tsamba lonse basi, kotuwa pang'ono kofanana paliponse sikuoneka koipa, choipa ndi bokosi lija. Koma kwa inu amipando pepala silingakwane, apo nkhani ndi khoma lopaka laimu.

Bambo Mbewe wa Mipando: Khoma ndili nalo koma pansi ndi dothi, miyendo ya mpando imakhala pa dothi. Nde pamenepo?

Kondwa Zojambula: Yalani chinsalu choyera kuchokera ku khoma kutsika mpaka pansi, chosita bwino, makwinya amaoneka kuposa dothi. Kapena siyani za koyera pa mipando, khoma laukhondo ndi pansi posesa zimakwana, sikuti chilichonse chiyenera kukhala pa koyera.

Naphiri: Ndabwera. Abale zasintha, soli yonse ilipo, ndangokonza kamodzi ndi Restore pa lilime la nsapato. Buluu uja wapitanso. Koma tsopano ikuoneka ngati ikuuluka m'malere, komanso poti njoyera pa koyera pamwamba pake sipakuoneka bwino pomwe yathera

Che Jafali: Ikani mzere wakuda kuzungulira, Outline ija

Mayi a Tadala: Ayi Che Jafali imeneyo imaoneka ngati sitika ya ana

Kondwa Zojambula: Ikuuluka chifukwa BG Remover yachotsa ndi chithunzithunzi chake chomwe, ndipo diso la munthu limafuna kuona pomwe chinthu chaponda. Dinani nsapatoyo, Edit, Shadows, sankhani Drop. Momwe imabwerera imakhala yakuda kwambiri komanso yotalikira, nde tsitsani Distance ikhale yochepa kwambiri, kwezani Blur amount kuti isakhale ndi malire akuthwa, Intensity muisiye cha m'ma 20 kapena 30. Angle muilozetse pansi komanso kumbali yomwe kunali mdima pojambula paja, ngati kuwala kunachokera kumanzere mthunzi ugwe kumanja, mukasemphanitsa munthu sadziwa chalakwika koma amangoona kuti nchomata. Ngati mukutha kuuona mthunziwo msanga musanaone nsapato ndiye kuti wachuluka.

Za kusowa pa koyerazo, musakwezenso Whites pa nsapato yoyera, apa ndi mosiyana ndi zomwe ndawauza a Mbewe. Tsitsani Highlights pang'ono kuti ulusi ndi mizere ya chikopa zibwerere, kwezani Contrast pang'ono. Nsapato yoyera pa chithunzi imayenera kukhala yotuwirako kuposa tsamba, ndi mmene imaonekera. Ikakanabe, tsamba muliike lotuwa pang'ono kwambiri m'malo mwa loyera mbee, monga ili:

```
#F5F5F5
```

Anthu amaonabe ngati koyera koma nsapato imadzuka.

Mayi a Tadala: Achimwene nanga ine ndi mabotolo anga? Chiponde chimatuluka bho koma uchi eish. Ndimajambulira pa benchi la matabwa, ndikadula kunja kumayeradi koma mkati mwa botolo pamwamba paja pomwe palibe uchi mukuonekabe matabwa, ndipo uchiwo ukuoneka wakuda ngati oilo wa galimoto pamene ndi wagolide bwinobwino, wochokera ku Ntchisi

Kondwa Zojambula: Amayi a Tadala, inu lamulo ndapereka kwa a Naphiri lija lisinthe. Chiponde sichioneka kuseri nde chili ngati nsapato. Botolo la uchi limaonetsa chilichonse chili kumbuyo kwake, ndipo chimenecho chili mkati mwa malire a botolo, BG Remover siingachichotse, mukachifufuta ndi Erase botolo limabowoka. Nde zoonekera mkati monga uchi, mafuta ophikira, majuwisi, zijambulireni pa pepala loyera kuyambira pachiyambi kuti chooneka mkati chikhale choyera kale. Kuti uchi uwale ngati golide, kuwala kuzichokera kumbuyo cha m'mbali kudutsa mu uchimo, osati kutsogolo. Ikani botolo pafupi ndi windo, windo likhale kuseri kwake chakumanzere kapena chakumanja, kutsogolo imikani pepala lina loyera liwalitse lebulo. Nthawi zambiri mukatero simufunikanso kudula nkomwe, Adjust yokha imakwana.

Mayi a Tadala: Ndiyesa mawa m'mawa. Koma lebulo yanga njoyeranso, sidzasowa?

Kondwa Zojambula: Uchi uli mbali zonse za lebulo nde uisunga. Chivindikiro ngati nchoyera ndi chomwe muchiyang'anitsitse.

Anganga a Yamie: Ana inu ndawerenga zonse, ine ndine wa zitenje ku Limbe kuno zaka zambiri. Sindikutsutsa koma ndinene maganizo anga. Chithunzi choyera kwambiri ngati cha m'shopu anthu athu amachikayikira. Akachiona amati mwachitenga pa intaneti, amayamba kufunsa kuti tumizani chenicheni. Mdzukulu wanga anandipangira zoterezi, zokongola ndithu, koma anthu ankayankha kwambiri pa zija ndangoyala chitenje pa benchi dzanja langa likuoneka. Makamaka inu a kaunjika, munthu amafuna aone kuti nsapatoyo yatha pati

Che Jafali: Apa agogo anena zoona, akuba a pa Facebook ndi amene amaika zithunzi zoyera zija n'kumati tumizani kaye ndalama

Naphiri: Iii nde mukundibwezanso m'mbuyo agogo kkkk

Kondwa Zojambula: Agogo sindingakutsutseni, pa zitenje ine ndimaonanso kuti kudula sikuthandiza kwenikweni, chitenje chimadzaza chithunzi chokha ndipo vuto lake lalikulu ndi mtundu. Pamenepo musakhudze Saturation, ndipo ngati mwakhudza Temperature pochotsa buluu kapena chikasu, ikani chitenje chenicheni pambali pa foni muyerekeze panja powala. Kwa a Naphiri ine ndikanati choyera chikhale choyamba chokopa maso mu katalogi ya WhatsApp Business kapena pa Marketplace, kenako kumbuyo kwake muike zina zosakonza, pansi pa soli, chidendene, lebulo ya saizi mkati mwa lilime, ndi pomwe pali chilema ngati chilipo. Ndipo chilema musachifufute mu Canva, kuchotsa kumbuyo ndi kwina kubisa pong'ambika ndi kwina.

Anganga a Yamie: Ine ndikanayambitsa chenichenicho, choyeracho chibwere pambuyo. Munthu akakayikira pa choyamba sapitanso pa chachiwiri

Mayi a Tadala: Zimatengera katundu mwina. Uchi wanga anthu a m'maofesi amafuna uoneke waukhondo, benchi la matabwa limandigwetsa mtengo

Anganga a Yamie: A m'maofesi ndi anu amenewo mwanawe, anga ndi amayi a zikwati ndi zinkhoswe

Naphiri: Chabwino ndiyesa zonse ziwiri pa sitetasi ndione. Funso lomaliza achimwene, ndili ndi mapeya ambiri, ndizingoyambiranso chilichonse? Bandulo ithera pompa

Kondwa Zojambula: Jambulani onse nthawi imodzi malo amodzi, chongani pansi ndi choko pomwe nsapato ikuima ndi pomwe inu mukuima kuti zonse zifanane. Mu Canva gwiritsani dizaini imodzi, mukamaliza tsamba loyamba dinani Duplicate page, chotsani nsapato yakale ikani ina, mtengo ndi saizi zili kale pamalo pake mungosintha manambala. Nsapato izidzaza pafupifupi magawo anayi mwa asanu a tsamba, ndipo pa Position dinani Center ndi Middle kuti isapendekere. Zolemba zikhale zochepa, mtengo, saizi, dzina la bizinesi pakona, mtundu umodzi wa zilembo, mukadzaza nyenyezi ndi mivi koyera kuja mwakuvutikira chabe. Potsitsa sankhani JPG, njopepuka kuposa PNG. Ngati mwasankha PNG musachonge Transparent background, pena chimakatuluka kumbuyo kwakuda kwa wolandira. BG Remover imafuna netiweki, nde kwezani zithunzi nthawi yomwe netiweki ili bwino. Za sitetasi pangani ina ya 1080 x 1920, ya sikweya ija pa sitetasi imasiya malo pamwamba ndi pansi.

Bambo Mbewe wa Mipando: Ine WhatsApp imandiphera zithunzi, ndikatumiza zimafika zofufuma

Che Jafali: Dinani HD musanatumize madala, kapena tumizani ngati Document sizifinyidwa

Kondwa Zojambula: Apo Che Jafali alasa

Naphiri: Mthunzi uja ndaika, yatera pansi tsopano. Koma ya kumanja ikuoneka yayikulu kuposa ya kumanzere, ndi mmene ndinaziikira kapena?

Kondwa Zojambula: Inali pafupi ndi foni kuposa inzake. Imeneyo Canva siikonza, jambulaninso mutabwerera m'mbuyo pang'ono ndipo muziyandikanitse

Nachisale: Nanga mandasi angatheke pa koyerapo? Ndikufunsira mlamu wanga

Mayi a Tadala: Mafuta adzathimbirira pa pepalapo, aike mu mbale yoyera kaye